Pulobeshoni ni miyezi itatu, si moyo wonse

Pa Chisanu, pa 6 Seputembala 2024, mlongosi wanga anafika panyumba cha m'ma 15 koloko, nthawi imene masiku onse amakhala akali pa kaunta. Anaika chola pampando, n'kukhala pansi osavula na nsapato. Amayi anamufunsa ngati wadwala. Iye ati, "Aniuza kuti mailo nikapeleke yunifomu. Ati sin'napase pulobeshoni."

Anali atagwila nchito miyezi 7 yathunthu m'shopu ina yogulitsa zomangila nyumba m'tauni muno mu Lusaka. Anayamba pa 1 Febuluwale. Pa miyezi yonseyo, chilichonse chimene anafunsa chinali na yankho limodzi. Peyisilipi yanga ili kuti? Ukali pa pulobeshoni. Nanga za NAPSA? Ukali pa pulobeshoni. Kopi ya kontilakiti imene ninasaina? Ukapasa pulobeshoni tidzakupatsa. Liu limodzi limeneli linali loko wa chitseko chilichonse, ndipo pothela pake linakhala chikwapu chomupitikitsila.

Nifuna tikambe za liu limeneli, chifukwa likudya achinyamata ambili amene angoyamba nchito. Mfundo yanga ni iyi: pulobeshoni si nthawi imene wanchito alibe ufulu. Ni nthawi yoyesana, ili na malile, ndipo imamanga bwana monga mmene imamangila iwe. Olemba nchito amene amaikoka monga legeni akuphwanya lamulo, ndipo ambili a iwo amadziwa zimene akuchita. Amadalila chinthu chimodzi chabe, kuti iwe sudziwa.

Pa pepala la kontilakiti liu limeneli amalilemba kuti probation. Ukaliona, usalumphe mzele umenewo. Tanthauzo lake si zimene manijala aganiza tsiku limenelo. Linalembedwa kale mu lamulo la nchito la dziko lino, Employment Code Act ya mu 2019, pa gawo 27. Gawoli ni lalifupi, ungaliwelenge uli m'basi kuchoka ku Kulima Tower usanafike na ku Matero. Limakamba kuti munthu angalembedwe nchito pa nthawi yoyesedwa yosapitilila miyezi itatu, n'cholinga chakuti aone ngati aiyenela nchitoyo. Nthawi imeneyi ingawonjezeledwe, koma zowonjezelazo nazonso sizingapitilile miyezi itatu. Itatu kuikapo itatu ni 6. Kulibe pulobeshoni ya miyezi 9, kulibe ya chaka, kulibe ya "mpaka abwana akabwele ku Dubai".

Manje tiwelenge masiku a mlongosi wanga. Anayamba pa 1 Febuluwale, ndiye kuti miyezi itatu inasila pa 30 Epulo. Tsiku limenelo lisanafike, abwana ake anali na njila zitatu. Akanamulembela kalata yakuti wakhazikika pa nchito. Akanamuuza kuti akumuwonjezela nthawi yoyesedwa. Kapena, atamuyesa n'kuona kuti sakwanitsa, akanamupatsa notisi ya maola 24 n'kulekana naye. Sanachite olo chimodzi. Anakhala chete, iye anapitiliza kuwelenga ndalama pa kaunta.

Apa m'pamene pali chinthu chimene nifuna wachinyamata aliyense achisunge pamtima. Lamulo limakamba kuti bwana akakhutila na nchito yako afunika kukuuza mwa kalata kuti wakhazikika. Koma limapitiliza kuti ngati sanakulembele kalatayo, ndiye kuti wakhazikika ndithu kuyambila tsiku limene nthawi yoyesedwa yasila. Kukhala chete kwa bwana si chilango chako. Ni siginecha yake. Mlongosi wanga analowa m'mwezi wa Meyi ali wanchito wokhazikika, ndipo pa 1 Meyi, pamene anzake anali kuguba pa tsiku la anchito, iye sanadziwe kuti lamulo lamupatsa kale chimene anali kupempha mogwada.

Ambili a ise tinaphunzitsidwa mopotoka. Timaganiza kuti ngati kalata siinabwele ndiye kuti tikali kuyembekezela, monga munthu amene wapeleka mafomu a pasipoti. Timayenda mwakachetechete, kuopa kufunsa, tsiku lililonse kuyang'ana nkhope ya supavaiza kuti tione ngati lelo aseka. Koma lamulo linaika mtolo wa kalata pamutu pa bwana, osati pamutu pako. Akaiwala, akazengeleza, olo akachita dala, wotchi imayenda ndithu, ndipo imayendela iwe.

Mu Juni, manijala anaitana mlongosi wanga mu ofesi n'kumuuza pakamwa kuti amuwonjezela miyezi itatu. Iye anayamikila, poganiza kuti amuchitila chifundo. Koma ganiza bwino. Ungawonjezele bwanji chinthu chimene chinasila kale? Nsima ikapsa n'kuomoledwa, sungaibwezele mumphika n'kunena kuti ikali phala. Pofika mu Juni panalibe pulobeshoni yoti n'kuiwonjezela. Ndipo olo tiwakomele mtima abwanawo, tinene kuti anawonjezela pa nthawi yake mu Epulo, miyezi 6 ikanasila pa 31 Julayi. Anamuchotsa mu Seputembala. Uwelenge kuchokela kutsogolo olo kuchokela kumbuyo, pa 6 Seputembala mlongosi wanga sanali pa pulobeshoni.

Wina angafunse kuti nanga kusiyana kwake n'chiyani, popeza nchito yasila ndithu. Kusiyana kwake kuli m'thumba. Munthu amene ali pa pulobeshoni angachotsedwe na notisi ya maola 24. Koma amene wakhazikika, pa kontilakiti yopitilila miyezi itatu, lamulo limafuna notisi ya masiku 30, kapena malipilo a masikuwo m'malo mwa notisi. Mlongosi wanga anali kufola K3,000 pa mwezi. Pomuuza kuti sanapase pulobeshoni, anali kumulanda K3,000 imene inali yake. Kwa bwana ni ndalama ya mafuta a galimoto. Kwa iye inali lendi ya kachipinda, unga, na basi yopitila kukasakila nchito ina.

Si ndalama chabe. Wanchito wokhazikika sangochotsedwa chifukwa bwana wauka na mutu. Gawo 52 la lamulo limodzimodzilo limafuna chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe lake, kagwilidwe kake ka nchito, kapena zofunika za kampani. Ngati nkhani ni khalidwe kapena kagwilidwe ka nchito, afunika kumupatsa mpata wodziyankhila asanamuchotse. Ndipo nkhani ikafika pa mlandu, bwana ndiye afunika kuonetsa kuti chifukwa chake chinali cholungama. Uone manje chifukwa chake mabwana ena amaikonda pulobeshoni yosasila. Imawapulumutsa ku notisi, ku kupeleka chifukwa, na ku kumvetsela. Ni njila yokhala na wanchito wanthawi zonse pa mtengo wa waganyu.

Tibwelele ku miyezi itatu yeniyeni ija, chifukwa namonso muli bodza. Ambili amaganiza kuti m'miyezi imeneyi bwana angakuchotse nthawi iliyonse, pa chifukwa chilichonse. Lamulo silikamba choncho. Limakamba kuti pa nthawi yoyesedwa bwana afunika kupima kagwilidwe kako ka nchito, ndipo zotulukapo zake afunika kukuuza. Notisi ya maola 24 imabwela pambuyo pa kupima kumeneko, akaona kuti suiyenela nchitoyo. Dongosolo lake n'lomveka: akupime, akuuze, ndiye agamule.

Ninamufunsa mlongosi wanga ngati pa miyezi 7 panali tsiku limene munthu anakhala naye pansi n'kumuuza kuti apa uchita bwino, apa ukulakwitsa. Kunalibe. Ndalama za m'kabati sizinapeleweleko. Sanachedweko kupatula tsiku limene mvula inatseka msewu ku Kanyama. Manje mayeso amene analephela ni ati? Ku sukulu, mphunzitsi sangakulembele kuti wafeluka pa pepala limene sunalembe. Bwana amene akuti sunapase pulobeshoni koma sangakuonetse tsiku limene anakupima, zimene anapeza, na pamene anakuuza, sakukamba za pulobeshoni. Akungobisala kumbuyo kwa liu la Chizungu.

Komanso pulobeshoni si bulangeti lofundika zifukwa zimene lamulo limaletsa. Mtsikana akaoneka kuti ali na pakati m'mwezi wachiwili, mnyamata akalowa yuniyoni, wina akakadandaula ku ofesi ya zanchito, kenako mailo lake amve kuti "sunapase", pamenepo pali fungo. Lamulo limaletsa kuchotsa munthu nchito pa zifukwa zimenezi. Kulemba liu lakuti pulobeshoni pamwamba pa kalata sikusandutsa tsankho kukhala chilungamo.

Nanga ufulu wina uja, umene amati udikile mpaka ukapase? Gawo 27 limakamba kuti wanchito amene ali pa pulobeshoni ali na ufulu na udindo wofanana na wa amene anapasa kale, pokhapo ngati kontilakiti yake kapena pangano la yuniyoni lakamba zosiyana. Apa nikambe chilungamo, chifukwa sinifuna upite kukakangana na bwana pa chinthu chimene ulibe. Kontilakiti ingakambe kuti zinthu zina zimene kampani imapeleka mwa kufuna kwake, monga ngongole ya anchito kapena bonasi, zidzayamba ukakhazikika. Zimenezo n'zololeka ngati zinalembedwa. Koma zifunika kukhala pa pepala limene unasaina, osati m'kamwa mwa supavaiza. Ndiye chifukwa chake kukumana kopi ya kontilakiti si nkhani yaing'ono. Munthu amene wasunga pepala yekha angalisinthe pakamwa tsiku lililonse.

Ndipo pali zinthu zimene kontilakiti siingachotse, chifukwa n'za lamulo. Malipilo ako sangatsike pansi pa malipilo ochepetsetsa amene boma linaika pa mtundu wa nchito yako, ati chifukwa ukali kuyesedwa. NAPSA nayonso siiyembekeza kalata ya bwana. Wanchito amadulidwa 5 pelesenti ya malipilo ake, bwana amaikapo 5 pelesenti ina, kuyambila mwezi woyamba. Pa K3,000, ni K150 yako na K150 ya bwana, pamodzi K300 mwezi uliwonse. Pa miyezi 7 ni K2,100. Pamene mlongosi wanga anapita kukaona akaunti yake ya NAPSA, anapeza kuti shopuyo siinaikepo olo ngwee. Uli na zaka 23 za penshoni zimamveka monga nthano za agogo, koma miyezi imene siinalembedwe lelo idzasowa tsiku limene adzawelenga miyezi yako yonse.

Nidziwa zimene olemba nchito angayankhe, ndipo zina mwa izo n'zoona. Adzati anthu amanama pa mapepala, amabwela na masatifiketi okongola koma sadziwa kugwila nchito. Adzati munthu amafika msanga sabata yoyamba, yachitatu wayamba kusowa pa Mande paliponse. Adzati kabizinesi kakang'ono sikangakwanitse kusunga munthu wolakwika kwa chaka. Nivomela zonsezi. Ndiye chifukwa chake pulobeshoni ilipo, ndipo ine sinikuti ichotsedwe. Bwana ali na ufulu woyesa munthu asanamukhulupilile na makiyi a shopu. Lamulo linamupatsa miyezi itatu, linamuwonjezela ina itatu ngati akali kukayika, ndipo linamupatsa khomo lotulukila la maola 24 chabe. Zimenezi si zochepa.

Koma ngati waona munthu akugwila nchito pa kaunta yako masiku 6 pa sabata kwa theka la chaka, ndipo ukali kunena kuti sudziwa ngati akwanitsa, vuto si wanchitoyo. Mwina suyang'anila bizinesi yako, kapena udziwa bwino kuti akwanitsa ndipo ufuna chabe kuti akhale wamantha. Wanchito wamantha sapempha peyisilipi. Sakana kugwila pa Sondo. Safunsa za maola owonjezela. Pulobeshoni yosasila siipima luso la munthu, imapima kuti angapilile kufika pati.

Pali na machenjela ena amene afala. Miyezi itatu ikatsala pang'ono kusila, amakuuza kuti nchito yachepa, upumuleko. Pakapita masabata awili amakuitana, nchito imodzimodzi, kaunta imodzimodzi, ati tiyambe pulobeshoni yatsopano. Amene analemba lamulo anawaona machenjela amenewa. Gawo 27 limakamba kuti munthu amene walembedwanso na bwana mmodzimodzi pa nchito imodzimodzi, pasanapite zaka ziwili kuchokela pamene analekana, sayenela kuikidwanso pa pulobeshoni, malinga ngati sanalekane chifukwa cha kulephela nchito. Ngati anakupumitsa chifukwa "bizinesi yatsika", ukabwelela subwelela monga mlendo. Anakuyesa kale.

Manje nitembenukile kwathu, chifukwa bodza limeneli silikhala m'maofesi chabe. Limakhala na m'nyumba zathu. Madzulo a tsiku lija, pamene ninakamba kuti tipite ku ofesi ya zanchito, amayi anati, "Mwana wanga, zisiye. Nchito n'zovuta masiku ano. Ukayamba milandu adzakuipitsila dzina, sudzapezanso ina." Sinikuwaseka amayi. Anaona anthu ambili akusakila nchito zaka na zaka, ndipo mantha awo ali na maziko. Aliyense amene anaimapo pa mzele wa anthu mahandiledi ofuna malo atatu adziwa chifukwa chake munthu amasaina pepala osaliwelenga.

Koma tione kumene malangizo amenewa atifikitsa. Mlongosi wanga anakhala chete miyezi 7. Sanafunse kawili, sanakweze mawu, anayamikila ngakhale pomuwonjezela nthawi imene kunalibe. Kodi kukhala chete kunamusungila nchito? Anamuchotsa ndithu, ndipo anamuchotsa motchipa chifukwa anadziwa kuti sadzafunsa. Akuluakulu omwewo amene amatiuza kuti tikhale chete ndiwo anatiphunzitsa kuti safunsa anadya phula. Ndipo tikakhala chete tonse, bwana amaphunzila kuti njila imeneyi imagwila nchito. Mailo adzalemba mtsikana wina wa ku Chawama, n'kumuuza mawu amodzimodzi.

Sinikuti ulowe mu ofesi ya manijala na lamulo m'manja n'kuyamba kukuwa. Ukachita zimenezo m'mwezi woyamba, ungadzipezele mavuto amene sunawafune. Nikuti udziwe kuwelenga masiku, ndipo usunge mapepala. Nkhondo ya pulobeshoni siipambanidwa na mawu okweza. Imapambanidwa na madeti.

Tsiku losaina, pempha kopi yako. Akakana, pempha mwaulemu kuti ujambule na foni tsamba lililonse. Yang'ana zinthu zitatu: tsiku loyamba nchito, kutalika kwa pulobeshoni, na zimene akuti zidzasintha ukakhazikika. Ngati palembedwa miyezi 6 kuchokela pachiyambi, dziwa kuti lamulo limayambila pa itatu, ndipo ina itatuyo ni yowonjezela. Ngati sanakupatse pepala lililonse, nchito yako siikhala yabodza chifukwa cha zimenezo. Pangano la pakamwa nalonso ni pangano, ndipo lamulo limafuna kuti bwana alembe mfundo zake n'kukupatsa kopi. Iwe sunga chilichonse choonetsa tsiku limene unayamba: meseji yokuitana ku nchito, meseji ya ndalama zimene unafola koyamba, chithunzi cha ndandanda ya mashifiti.

M'masabata oyamba, funsa supavaiza kuti adzakupima pa zinthu ziti. Funso limeneli silikhumudwitsa bwana wabwino, limaonetsa kuti uli na chidwi. Pakati pa nthawiyo funsanso kuti ukuyenda bwanji na zimene ufunika kukonza. Akakuyankha pakamwa, lemba m'kabuku tsiku na zimene akamba. Akakuuza zolakwa, zikonze, chifukwa pulobeshoni ni mayeso enieni ndipo munthu angawalephele mwachilungamo. Akakhala kuti sanakuuze kalikonse, kabuku kako kadzaonetsa kuti unafunsa.

Tsiku lothela likafika popanda kalata, usachite mantha ndipo usapite kukagwada. Wakhazikika. Pakapita masiku ungalembe kakalata kaulemu, kokamba kuti unayamba pa deti lakuti, nthawi yoyesedwa inasila pa deti lakuti, ndipo upempha kalata yotsimikizila kuti uisunge. Sukupempha chifundo, ukupempha lisiti ya chinthu chimene uli nacho kale. Ngati akuwonjezela nthawi tsikulo lisanafike, n'zololeka, koma pempha kuti akulembele, aikepo deti lothela na zimene afuna kuti ukonze.

Chenjela na mapepala awili. Loyamba ni kalata yowonjezela pulobeshoni imene akupatsa mu Juni koma pamwamba alembapo deti la mu Epulo. Ukaisaina mmene ilili, wawathandiza kubweza wotchi kumbuyo. Ngati sungakane kusaina, lemba pafupi na siginecha yako deti lenileni limene wailandila. Lachiwili ni kalata yakuti wasiya wekha nchito. Amakuuza kuti ni yokuthandiza kuti mbili yako isaipe. Ukaisaina, pa pepala padzaoneka kuti palibe amene anakuchotsa, ndipo notisi na madandaulo ako zidzavuta kuzitsata.

Pulobeshoni ili na khomo lako iwenso, ndipo ambili sadziwa. Pa nthawi imeneyi nawenso ungasiye nchito na notisi ya maola 24. Si bwana yekha amene akuyesa. Nawenso ukuona ngati amalipila pa nthawi yake, ngati nchito imene anakulonjeza ndiyo ukugwila, ngati ni malo amene munthu angakhalepo. Ukapeza pena pabwino m'mwezi wachiwili, palibe amene angakuumilize kugwila mwezi wina wathunthu. Koma ukumbuke kuti ukakhazikika, notisi yaitali ija imakumanga nawenso. Lamulo limeneli limadula mbali zonse ziwili, ndipo n'chifukwa chake niliona kuti n'lachilungamo.

Mlongosi wanga tinapita naye ku ofesi ya zanchito sabata yotsatila. Sitinachedwe dala, chifukwa nkhani za kuchotsedwa nchito zili na malile a nthawi, ndipo amene afuna kukafika nazo ku khoti afunika kufulumila. Tinanyamula meseji imene anamuitanila kuti akayambe pa 1 Febuluwale, mameseji 7 a malipilo, na pepala la ku NAPSA. Ofisala anawelenga miyezi pa zala monga mmene tawelengela muno, n'kuitanitsa abwana aja. Atafika anafunsidwa zinthu ziwili: kalata yowonjezela nthawi ili kuti, ndipo zotulukapo za kupima zili kuti. Analibe olo chimodzi. Analipila mwezi wa notisi, ndipo anauzidwa kuti akakonze za NAPSA.

Nchito siinabwelele, ndipo sinifuna kunama kuti nkhaniyi inasila mokoma. Anakhala panyumba miyezi ingapo. Amayi anali na mfundo yawo, lamulo siliphika nsima. Koma K3,000 ija inalipila lendi pamene anali kusakila, ndipo anatuluka m'nkhaniyi akudziwa kuti sanafeluke mayeso alionse. Kwa munthu amene wangoyamba nchito, kuuzidwa kuti walephela pamene sunalephele ni bala limene umapita nalo ku intavyu yotsatila.

Kwa imwe olemba nchito amene muwelenga: ngati munthu simumufuna, mupimeni, mumuuze zoona, mulekane naye m'nthawi imene lamulo linakupatsani. Ngati mumufuna, kalata yomukhazikitsa ni mizele itatu, siitenga na mphindi 10. Chimene simungachite ni kumusunga pakhomo, mwendo umodzi mkati wina panja, kwa miyezi 7, uku akukuwelengelani ndalama zanu.

Mlongosi wanga anayamba nchito ina chaka chatha. Tsiku loyamba atabwela, anatenga kalenda ya pakhoma ija imene amayi amalembapo za chilimba, anawelenga miyezi itatu, n'kuzunguliza deti na bolopeni yofiila. Amayi anafunsa kuti pa tsikulo kuli ukwati wa ndani. Iye ati, "Kulibe ukwati, amayi. Ni tsiku limene adzaleka kuniuza kuti nikali pa pulobeshoni."